Ndatumiza zithunzi 14 za matimati kwa alangizi, iwo andibwezera funso

DimbaLaKumunsi: Anzanga pa gulu pano ndithandizeni kaye musanagone. Matimati anga akufota pang'onopang'ono, dzulo ndajambula zithunzi 14 ndatumiza kwa alangizi athu pa WhatsApp ndi kulemba kuti bwana onani zikuchitikazi ndipope mankhwala anji. Akhala tsiku lonse osayankha, madzulo ano angolemba kuti "ayamba liti, ndipo ndi mitengo ingati?" Basi. Bandulo yanga yatha ndi zithunzizo ndiye munthu akundifunsanso mafunso ngati ku polisi. Kodi zithunzi 14 sizikukwana? Ndili kuno ku Ntcheu, mbali yotentha yakumunsi, ndimathirira ndi pampu.

SipuleyaPamsana: Chiwawu chimenecho aise, usavutike ndi alangizi. Gula daitheni mawa m'mawa upope, pakatha masiku 7 ubwerezenso. Ine ndalima matimati zaka 9.

NaphiriWaMatimati: Achimwene a Sipuleya, mwaziona zithunzizo? Munthu sanaike ngakhale chimodzi pano inu mwatchula kale mankhwala kkkk. A Dimba taponyani zina tione.

DimbaLaKumunsi: Ndaponya zisanu, onani.

NaphiriWaMatimati: Ndaona. Musakwiye koma zisanu zonsezo ndi chithunzi chimodzi. Mwaima patali n'kujambula mtengo wofota, mwasuntha pang'ono mwajambulanso wina wofota. Ndipo dzuwa linali kutsogolo kwanu, masamba akuoneka akuda bii. Ine ndikanakhala alangizi ndikanafunsanso chimodzimodzi.

AlangiziOpuma: Mwana wanga Dimba, ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuze zimene zinali m'mutu mwa mnzanga uja pamene amaona zithunzi zako. Matimati ofota amafanana onse pa chithunzi. Mtengo umene wasowa madzi, umene mizu yake yaola ndi madzi ochuluka, umene chiswe kapena mbozi yadula pansi, umene mizu yake yatupa mikanda, umene walowa matenda a m'nthaka otseka njira za madzi mu tsinde, yonseyi ukaijambula masana imangooneka masamba ali zoo. Chimene chimasiyanitsa ndi nkhani yake, ndipo nkhani foni sijambula. Wayamba liti, wayambira masamba akumwamba kapena akumunsi, wasanduka chikasu kaye kapena wafota uli wobiriwira, m'mawa umadzuka kapena ayi, ndipo ikufa motsatana mu mzere kapena apa ndi apo. Funso lakelo si mwano, wayamba kukupima ngati mmene amachitira adokotala. Iweyo tayankha pano mafunso amenewa, kenako tilembe limodzi uthenga woti umutumizire.

DimbaLaKumunsi: Zikomo madala. Ndinawokera pa 25 Ogasiti, mbewu ndi Tanya, mitengo 600, mizere 12 ya 50. Pano ali ndi maluwa ndipo ena ayamba kubala timatimati ting'onoting'ono. Lolemba la sabata yatha ndinaona mitengo itatu itagwetsa masamba masana, ndinaganiza ndi dzuwa la Okutobala ndiye ndinawonjezera madzi. M'mawa mwake inadzuka bwinobwino. Masana inagwanso. Pofika Lachinayi sinadzukenso. Lero ndawerenga 27. Chikasu palibe, imafa ili yobiriwira ngati munthu waithira madzi otentha.

AlangiziOpuma: Waona? Zimene walemba apazi zaposa zithunzi 14 zija. Ukanamutumizira zimenezi dzulo bwenzi akuyankha zina.

SipuleyaPamsana: Ine ndikuti chiwawu basi. Chiwawu chimapha munda sabata imodzi.

NaphiriWaMatimati: Kupha msanga n'zoona, koma chiwawu chimasiya zizindikiro achimwene. Masamba amachita mawanga akuluakulu abulauni ngati apsa, tsinde limada kunja, zipatso zimachita zigamba zolimba zabulauni, ndipo chimakonda kozizira kwa chinyontho, mvula yamawawa kapena nkhungu ngati ya ku Tsangano ndi ku Bembeke. Uyu ali kotentha mwezi wa Okutobala, masamba ake alibe banga ngakhale limodzi. Daitheni ateteza tsamba kunja, nanga ngati vuto lili mkati mwa tsinde alowamo bwanji?

SipuleyaPamsana: Kupopera sikulakwa mayi, ndi chitetezo.

NaphiriWaMatimati: Kwa chiwawu eya. Koma apa muwonongetsa mnzanu ndalama.

VendaWaPaLizulu: Amene muli ndi matimati okupsa ndiuzeni, ndikufuna madengu 20 Loweruka. Ang'onoang'ono ayi.

DimbaLaKumunsi: Aise anga akufa iwe ukufunsa madengu kkkk.

VendaWaPaLizulu: Otsalawo akapsa undikumbuke.

WakuJoni83: Ine nkhani ya alangiziyi imandinyansa. Ndimatumiza ndalama kumudzi kuti mng'ono wanga alime, akawaitana alangizi akuti njinga ilibe mafuta. Ingopitani kwa ogulitsa mankhwala ndi tsamba m'manja akupatsani botolo pompo, osati kumachonderera munthu.

AlangiziOpuma: Za mafuta sindikana, zimachitika, ndipo mlangizi mmodzi amakhala ndi midzi yambiri zedi. Koma n'chifukwa chake uthenga wabwino uli wofunika, umamuthandiza kusankha kuti njinga ipite kwa ndani lero. Akalandira "bwana matimati akudwala" kuchokera kwa anthu khumi sangadziwe kumene kwayaka moto. Akalandira "itatu Lolemba, 27 lero, motsata ngalande" amadziwa kuti kumeneko sikodikira. Za ogulitsa mankhwala, alipo odziwa ndithu, koma kumbukira kuti munthu wa mu shopu sanganene kuti vuto lako lilibe botolo.

AlangiziOpuma: Dimba, sunandiuze mbali imene ikufa. 27 imeneyo ili pati m'mundamo? Ndipo madzi umathira bwanji, ndi kheni kapena umatsegulira mu ngalande?

DimbaLaKumunsi: Mu ngalande madala, pampu imathira kumtunda madzi amayenda pakati pa mizere kutsikira kumunsi. Itatu yoyamba inali pakati pa mzere wachinayi. Pano yambiri ili mzere wachinayi ndi wachisanu kuchokera pamenepo kutsika mmunsi, mizere iwiriyi imamwa ngalande imodzi. Kumtunda kwa pamene zinayambira kuli bho. Inayi yokha ndiye ili payokha ku mzere wa 9.

AlangiziOpuma: Chimenechi ndiye chiganizo chofunika kuposa zonse mu uthenga wako, usachisiye. Vuto loyenda ndi madzi kutsika mmunsi likuloza ku nthaka ndi mizu. Zouluka ndi mphepo sizisankha ngalande. Sinditchula dzina la matenda pano ngakhale ndili nalo m'mutu, chifukwa pali zinthu ziwiri zoti uchite mawa m'mawa, ndipo zithunzi zake ndi zimene alangizi ako akuzifuna.

Choyamba zula mtengo umodzi umene wangoyamba kufota, osati wouma kale, wouma sunena kanthu. Uzule ndi khasu kuti mizu isaduke, utsuke mizuyo mu chidebe, madzi akewo usakatayire mu ngalande. Uone ngati mizu ili yoyera, yaola, kapena yatupa timikanda. Ujambule itagona pa thumba kapena pa pepala.

Chachiwiri tenga mpeni kapena lezala udule tsinde pafupi ndi pansi, kachidutswa kotalika ngati chala. Kena ukang'ambe m'litali uone mtundu wa mkati, pansi pa khungu pomwepo, ngati muli moyera kapena mwachita bulauni. Kachidutswa kenako utsuke dothi, upeze tambula yagalasi yoonekera, uthiremo madzi oyera, kachidutswako kalendewere kunsonga kokha m'madzimo. Ukhoza kukabaya ndi kawaya kapena kamtengo n'kupingasa pakamwa pa tambula. Usagwedeze. Udikire mphindi zisanu, mwina mpaka khumi, ukuyang'ana kunsi kwa podulapo. Uzatiuze chimene uone. Ukamaliza mpeniwo uutsuke ndi jiki kapena uwuwambe pa moto usanakhudze mtengo wina.

MayiAwiriKuDowa: Pepani ndilowererepo, inenso anga masamba akuchita timadontho toyera tating'ono kenako akuuma ngati dzimbiri. Ndinatumiza chithunzi kwa alangizi anati jambulani kunsi kwa tsamba, ine ndinajambula masamba akumunsi kwa mtengo kkkk, tinatha masiku awiri tisakumvana.

NaphiriWaMatimati: Kkkk asisi amatanthauza kuseri kwa tsamba, mulitembenuze. Zanuzo zikumveka ngati akangaude ofiira aja, nyengo yotentha youma ino ndi yawo. Tembenuzani tsamba muone ngati kuli tizinthu tofiira tating'ono ngati fumbi ndi ulusi wopyapyala. Foni zathuzi sizitiona bwino, ndiye gwedezani tsamba pa pepala loyera, tikagwa timayenda, mujambule kavidiyo ka masekondi asanu. Koma yambitsani nkhani yanu padera tingasokoneze ya a Dimba.

MayiAwiriKuDowa: Ndatembenuza ndi tochi, kulidi ulusi. Ndiyamba yanga mawa.

KafoniKaMabatani: Ine funso langa, nanga ife opanda foni yojambula? Zonsezi mukukamba ndi za anthu a mafoni akuluakulu.

AlangiziOpuma: Kale tinalibe zithunzi ndipo ntchito inkayenda. Mawu amene Dimba walemba pamwambapa akukwana mu uthenga wamba kapena kuimba mphindi ziwiri. Ndipo ngati kwanuko kumachitika chipatala cha mbewu tsiku la msika, nyamulani mtengo wonse ndi mizu yake, mizu muikulunge mu jumbo payokha, mupite nawo tsiku lomwelo. Anthu ambiri amabweretsa tsamba limodzi louma la m'thumba la malaya, pamenepo ngakhale katswiri wa ku Bvumbwe sangakuuzeni kanthu.

DimbaLaKumunsi: Mwadzuka bwanji nonse. Ndachita zija. Mizu ili ndi timikanda pang'ono, osati kwambiri, ina yachita bulauni. Mkati mwa tsinde muli mzere wabulauni mbali zonse. Za madzi zija sindinaone kanthu, madzi angoda.

NaphiriWaMatimati: Mwagwiritsa chani? Chithunzicho ndikuona kapu ya pulasitiki yobiriwira ndipo tsinde lonse mwaliponyamo ndi dothi lomwe.

DimbaLaKumunsi: Tambula yagalasi kunyumba kulibe, ndinatakasa pang'ono kuti zituluke msanga.

NaphiriWaMatimati: Mwaphika tiyi achimwene kkkk. Dulani botolo la madzi loyera lija pakati, likhala tambula. Tsinde litsukeni, lilendewere, ndipo musakhudze. Kuseri kwa botolo ikani chinthu chakuda, jekete kapena chikwama, kuwala kuchokere m'mbali. Mukaika kuseri koyera simuona kanthu chifukwa chimene mukufunacho ndi choyeranso.

DimbaLaKumunsi: Eee anthu inu. Ndabwereza ndi mtengo wina. Patangotha mphindi zitatu kunsi kwa tsinde kwayamba kutsika tiulusi toyera ngati utsi wa fodya, kenako madzi achita ngati mwadonthezera mkaka. Ndajambula kavidiyo. Ndayesanso ndi nthambi ya mtengo wabwino wa kumtunda, madzi angokhala mbee.

AlangiziOpuma: Wachita bwino kwambiri kuyesa ndi wabwino, sindinakuuze n'komwe. Utsi woyerawo ndi tizilombo ta bakiteriya tikutuluka mu njira za madzi za mtengo, n'chifukwa chake umafota uli wobiriwira, madzi alipo pansi koma njira yatsekeka. Pali matenda ena ofotetsa a m'nthaka amene amadetsanso mkati mwa tsinde, koma aja amayamba ndi chikasu masamba akumunsi, nthawi zambiri mbali imodzi ya mtengo, amapha mochedwa, ndipo mu tambula satulutsa utsi. Timikanda ta m'mizuto ndi vuto lina lapadera, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, koma timathandizira chifukwa mabala amene timaboola mu mizu ndi khomo lolowera bakiteriya. Uzilembe zonse ziwiri.

Koma tamvera, mu uthenga wako usalembe kuti "matimati anga ali ndi matenda akutiakuti." Lemba zimene waona ndi maso. Ukatchula dzina ndipo walakwitsa, umamusokeretsa munthu, ayamba kuganiza za dzinalo m'malo mwa munda wako. Ine ndili kutali, iye ndi amene akudziwa nthaka ya kwanuko ndi zimene zikuvuta minda ya anzako.

SipuleyaPamsana: Chabwino si chiwawu, ndavomera. Ndiye apope kopa, kopa amapha bakiteriya, zimenezo ndiye ndikudziwa.

AlangiziOpuma: Theka mwalondola. Kopa amathandiza pa bakiteriya wa madontho a pa masamba ndi pa zipatso, amene ali kunja. Uyu ali m'nthaka ndi mkati mwa tsinde, mankhwala opopera samufika. Mtengo umene wafota kale sudzukanso, nkhondo yatsala ndi yoteteza 573 enawo.

DimbaLaKumunsi: Ndiye ndalemba chonchi, tandikonzereni ndisanatumize:

"Mwadzuka bwanji alangizi. Pepani dzulo sindinafotokoze bwino. Matimati anga akufota kwambiri ndipo ndayesa mu madzi akutulutsa zoyera. Ayamba sabata yatha. Ndathira feteleza ndi mankhwala koma sizikusintha. Chonde ndithandizeni mwachangu ndingaluze zonse."

NaphiriWaMatimati: Ulemu ulipo koma manambala onse aja mwatiuza ife mwawasiya kuti? "Kwambiri" ndi mitengo ingati? "Sabata yatha" ndi tsiku liti? Ndipo feteleza ndi mankhwala ati, ife simunatiuze zimenezo. Komanso simunanene kuti ndinu ndani, mukuganiza kuti nambala yanu anaisunga? Anthu amene amawatumizira ndi ambirimbiri.

DimbaLaKumunsi: Feteleza wokulitsa ndinathira powokera, wa kani ndinabereka patatha masabata atatu, kachitsekero ka botolo pa phando. Mankhwala ndinapopera saipa kawiri chifukwa cha mbozi, komaliza Lachitatu lapitali. Ndinachita manyazi kunena chifukwa ndinawonjeza muyezo pang'ono.

AlangiziOpuma: Chimene ukuchita nacho manyazi ndi chimene uyenera kulemba. Mankhwala opyola muyezo amawotcha masamba, feteleza wogunda tsinde amafotetsa mtengo, ndiye mlangizi ayenera kudziwa kuti azichotse pa mndandanda wa zokayikira. Ukabisa, tsiku lobwera adzaona botolo pa msasa n'kuyambiranso kuganiza. Funso lina, pamalopo chaka chatha panali chani, ndipo mbande unafesa wekha?

DimbaLaKumunsi: Chaka chatha matimati omwewo, dzinja kunali mabiringanya mbali ina. Mbande 400 ndinafesa ndekha, 200 ndinagula pa msika kwa munthu wina chifukwa zanga zinaperewera. Ndikakumbuka bwino zogulazo ndinayambira mzere wachinayi.

NaphiriWaMatimati: Mmm.

WakuJoni83: Ndiye wakugulitsa matenda ameneyo, kamutengereni ndalama zanu.

AlangiziOpuma: Osathamanga. Zikhoza kukhala mbande, zikhozanso kukhala nthaka yako yomwe, chifukwa wabwereza matimati pa matimati, ndipo matimati ndi mabiringanya ndi banja limodzi, pamodzi ndi mbatatesi, tsabola ndi fodya, onsewa amasunga matendawa. Madzi a mu mtsinje nawonso amatha kubweretsa ngati kumtunda kuli minda yodwala. Kuno sitingagamule. Ungolemba zonse ziwiri, osaloza munthu chala.

NaphiriWaMatimati: Ine ndikanalemba motere a Dimba, musinthe pamene ndalakwitsa, dzina ndi mudzi muikemo nokha:

"Mwadzuka bwanji alangizi. Ndine uja wa dimba la m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa mjigo, ndinatumiza zithunzi dzana. Matimati ndi Tanya, mitengo 600, ndinawokera pa 25 Ogasiti, pano ali pa maluwa ndi zipatso zoyamba. Lolemba la sabata yatha mitengo itatu inayamba kufota masana n'kumadzuka m'mawa, patatha masiku atatu inaferatu. Dzulo inakwana 27. Ikufota ili yobiriwira, palibe chikasu kapena mawanga pa masamba. Ndimathirira mu ngalande, ndipo 23 ili mizere iwiri ya ngalande imodzi kutsika mmunsi, inayi ili mzere wina. Ndazula iwiri, mizu ili ndi timikanda pang'ono, mkati mwa tsinde ndi mwabulauni, ndipo nditaviika tsinde m'madzi oyera latulutsa tiulusi toyera pa mphindi zitatu, la mtengo wabwino silinatulutse. Chaka chatha panali matimati ndi mabiringanya. Mbande 200 ndinagula pa msika, zili mbali yomwe yayamba kufa. Ndinathira feteleza wokulitsa ndi wa kani, ndapopera saipa kawiri, komaliza Lachitatu, muyezo ndinapyola pang'ono. Ndikufuna kudziwa ngati ndizule yodwalayo lero, komanso ndithirire bwanji yotsalayo. Zithunzi zinayi ndi kavidiyo zikubwera pansipa."

KafoniKaMabatani: Kalata yonseyo munthu awerenga? Anthu a boma ndi otanganidwa, bola voisi.

NaphiriWaMatimati: Kuwerenga zimenezo ndi mphindi imodzi. Voisi ya mphindi zinayi ya munthu akupuma wefuwefu ku dimba, mphepo ikuwomba, pampu ikulira, ndiye akafuna kukumbuka kuti munawokera liti ayambirenso kumvera? Komanso zolembedwa akhoza kutumiza kwa akuluakulu awo kapena kwa a kafukufuku mmene zilili.

AlangiziOpuma: Apa ine ndili pakati. Alimi ambiri amene ndinkagwira nawo ntchito amafotokoza bwino pakamwa kuposa polemba, ndipo mayi amene kulemba kumamuvuta asaope kutumiza voisi. Koma manambala ndi masiku okha alembedwe, ngakhale mwana wa sukulu amulembere.

DimbaLaKumunsi: Zithunzi zinayi ziti? Ndili nazo zoposa 30 tsopano.

NaphiriWaMatimati: Chimodzi cha munda wonse mutaima kumtunda kwa ngalande, kuti mizere iwiri yodwalayo ioneke pakati pa yabwino, dzuwa likhale kumsana kwanu. Chachiwiri mtengo umodzi wofota wonse kuyambira pansi mpaka kunsonga, woyandikana ndi wabwino ngati zingatheke. Chachitatu mizu yotsuka ija, pambali pake ikani bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo kuti kukula kwa timikanda kudziwike. Chachinayi tsinde long'amba. Ziwiri zomalizazi mujambulire pa mthunzi, pukutani galasi la kamera ndi malaya, gwirani pa sikirini pamene pali chinthucho mpaka chioneke bwino, ndipo musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, yandikirani inuyo. Chilichonse mulembe mawu pansi pake, monga "mzere 4, lero 11 koloko." Ola ndi lofunika chifukwa mtengo womwewo 6 koloko m'mawa umaoneka wamoyo.

MnyamataWaMafoni: Kuwonjezera apo, WhatsApp imafinya zithunzi ndiye tinthu tating'ono timafufutika. Cha mizu ndi cha tsinde tumizani ngati Document kapena dinani HD musanatumize. Zimadya bandulo yambiri koma ziwiri zokha si 14.

KafoniKaMabatani: Ndipo ganizirani bandulo ya alangiziwo, nawonso amagula okha. Mwina n'chifukwa chake 14 zija sanatsegule n'komwe kkkk.

DimbaLaKumunsi: Mwina ndi zoona, chifukwa sananenepo kanthu za chithunzi ngakhale chimodzi.

VendaWaPaLizulu: Tanya ndiye wabwino pa ulendo, safewa msanga mu dengu. Musasinthe mbewu chifukwa cha zimenezi.

SipuleyaPamsana: Chaka chamawa adzale Rodade, ameneyo amapirira kufota, ndinamva choncho.

NaphiriWaMatimati: Amapiriradi kuposa ena, koma kwathu mnzanga anadzala pamalo pamene panafa matimati chaka chapitacho ndipo ina inafotabe. Nthaka ikadwala kwambiri mbewu yokha siikupulumutsa. Pamenepo pafunika chimanga zaka zingapo.

DimbaLaKumunsi: Zaka zingapo? Dimba ndi lomweli mayi, ndilibe lina.

DimbaLaKumunsi: Ndatumiza 11:20, ayankha 11:45! Akuti zikomo tsopano ndamva. Akuti ndisapope chilichonse, ndizule yonse yofota pamodzi ndi dothi la pa mizu, ndiike m'matumba ndikatenthe kapena kukwirira kutali ndi dimba ndi mtsinje, osaponya pa manyowa. Ngalande ya mzere 4 ndi 5 nditseke, yotsala m'mizere imeneyo ndizithirira ndi kheni pa phando, ndipo ndichepetse madzi, ndinalakwitsa kuwonjezera. Ndisatengulire kapena kudulira mphukira kumeneko kenako n'kupita kwabwino ndi mpeni womwewo, ndiziyamba ntchito mbali yabwino kumalizira yodwala. Akuti abwera Lachinayi ndipo ndisiye mitengo iwiri yongoyamba kufota kuti adzaone okha. Afunsanso ngati a dimba la kumunsi kwanga amamwa madzi otsalira kwa ine.

AlangiziOpuma: Funso lomalizalo ndi la munthu wodziwa ntchito. Amamwa?

DimbaLaKumunsi: Eya, madzi anga akasefukira amagwera kwa alamu anga, ali ndi tsabola ndi matimati a masabata awiri.

NaphiriWaMatimati: Pitani mukawauze lero lomwe, musadikire Lachinayi, ndipo kumapeto kwa ngalande kumbani dzenje madzi azithera momwemo.

SipuleyaPamsana: Ine ndikanazulanso yoyandikana nayo ngakhale ikuoneka yabwino, umodzi mbali iyi umodzi mbali iyo. Yalowa kale imeneyo.

AlangiziOpuma: Ena amalangiza choncho ndipo si zolakwika. Ine ndinkaona kaye kuti zipatso zafika pati, chifukwa kuzula kumadulanso mizu ya ina n'kutsegula mabala atsopano. Dimba, limenelo ukamufunse mwini dera Lachinayi. Pakali pano zika kamtengo pa phando lililonse limene wazula, ndipo tsiku ndi tsiku 12 koloko uziwerenga yatsopano n'kulemba, akadzafika udzamuonetse manambala a masiku onse.

DimbaLaKumunsi: Ndayamba kale, lero yawonjezekera isanu, 32. Itatu mzere 5, iwiri mzere 9. Wa 9 uja ukundidabwitsa chifukwa ngalande yake ndi ina.

NaphiriWaMatimati: Mbande zogula zija zinathera mzere uti?

DimbaLaKumunsi: 200 ndi mizere inayi, ndiye 4 mpaka 7. Wa 9 ndi zofesa ndekha. Koma khasu ndi limodzi, ndipo tsiku lomwe ndinapalira mzere 4 ndinapitanso ku 9 chifukwa kunali udzu wambiri.

AlangiziOpuma: Lemba zimenezonso umutumizire, mzere umodzi wokha wa mawu, usaonjezere chithunzi.

MayiAwiriKuDowa: A Naphiri ndayambitsa nkhani yanga ija ya akangaude, kavidiyo ka pa pepala ndaika, tabwerani mudzaone ngati tikuyendadi kapena ndi dzanja langa likunjenjemera.